Kuwonjezera 10 peresenti pa sabata: masamu a papepala ndi zimene miyendo imavomera

"Ndine mphunzitsi wamkazi wa zaka 34, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ndimathamanga katatu pa sabata, makilomita 6, 6 ndi 8, onse pamodzi 20. Ndikufuna kukapikisana nawo pa mtunda wa makilomita 21 ku Lusaka, ndipo kwatsala masabata 12. Ndinamva kuti munthu aziwonjezera 10 peresenti sabata iliyonse. Ine nditawerengera ndapeza kuti ndidzathamanga makilomita 372 onse pamodzi, koma mnzanga wophunzitsa masamu wapeza 428. Wolondola ndani? Nanga miyendo yanga idzapirira?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Munthu amene wazolowera kale makilomita 20 pa sabata ndipo anafikapo pa 8 tsiku limodzi ali ndi poyambira pabwino, ndipo masabata 12 ndi okwanira kuti mukamalize mtunda umenewu muli bwinobwino. Pa masamu okha, mnzanuyo ndiye wakhoza. Koma ine amene ndakhala zaka zambiri ndikuyimirira m'mbali mwa bwalo ndi wotchi m'manja, sindingakuloleni kuthamanga makilomita 428 amenewo, ndipo ngakhale 372 anuwo ndikuti tiwachepetse. Tiyambe ndi pamene mwasiyanirana awirinu, chifukwa mukaona chimene chachititsa, zina zonsezi zimveka zokha.

Inu munatenga 10 peresenti ya 20, munapeza 2, ndiye mwakhala mukuwonjezera 2 yemweyo sabata ndi sabata: 20, 22, 24, 26, mpaka 42 pa sabata ya 12. Kuphatikiza kwake n'kosavuta. Mutenga sabata yoyamba ndi yomaliza, 20 ndi 42, zikwana 62, mugawa pawiri mupeza 31, muchulukitsa ndi masabata 12, ndiye 372 wanu uja. Palibe pamene mwaphonya pophatikiza. Kungoti imeneyi si 10 peresenti ya sabata iliyonse. Ndi 10 peresenti pa sabata yachiwiri yokha. Pochoka pa 40 kupita pa 42, makilomita awiri aja asanduka 5 peresenti basi.

Mnzanuyo amatenga 10 peresenti ya sabata imene yangotha kumene, osati ya sabata yoyamba. Zimayenda ngati ngongole ya kaloba, imene chiwongoladzanja chimaberekanso chiwongoladzanja chinzake. Sabata iliyonse muchulukitsa yapitayo ndi 1.1. Ndiye kuchokera pa 20 mufika pa 22, kenako 24.2, kenako 26.6. Mpaka apa simunasiyane kwenikweni, chifukwa masabata anayi oyamba inu muli ndi 92 pamene iwo ali ndi 92.8. Kusiyana kumayamba kuoneka mukapitirira: 29.3, 32.2, 35.4, 39.0, ndipo masabata anayi omaliza ndi 42.9, 47.2, 51.9 ndi 57.1. Ngati simukufuna kulemba mzere wonsewu, pali njira yachidule imene mnzanuyo ayenera kuti anagwiritsa ntchito:

```
sabata ya n = 20 × 1.1^(n − 1)
zonse pamodzi = 20 × (1.1^12 − 1) ÷ 0.1 = 427.7
```

Pamene pali 20 muika mtunda wanu woyambira, pamene pali 12 muika chiwerengero cha masabata. Mukafuna kuona za 5 peresenti, muika 1.05 ndi 0.05 m'malo mwa 1.1 ndi 0.1. Mafoni ambiri mukawapendeketsa chammbali, makina owerengera amatulutsa batani la x^y, limene ndi lochitira 1.1^12. Chenjerani ndi kamodzi aka kamene kamasokoneza ambiri: sabata yoyamba simunawonjezere kalikonse, choncho pa masabata 12 mumawonjezera ka 11 kokha. N'chifukwa chake pamzere woyamba pali n − 1. Amene amayamba kuwerenga ndi 22 ngati sabata yoyamba amapeza 470, ndipo amadabwa kuti makilomita 43 owonjezera achokera kuti.

Tsopano yang'anitsitsani mzere wa mnzanu uja, osati nambala yomaliza yokha. Masabata anayi oyamba ali ndi makilomita pafupifupi 93. Masabata anayi omaliza ali ndi 199. Ndiye kuti pafupifupi theka la katundu yense waunjikana m'mwezi womaliza, mwezi womwewo umene mufunika kufika pa mpikisano miyendo ili yopuma. Mtunda wokula ndi 10 peresenti umawirikiza kawiri pakangotha masabata 7 ndi masiku ochepa, ndipo pa sabata ya 12 mungakhale mukuthamanga pafupifupi katatu kuposa lero. Mukapitiriza osaleka kwa chaka chathunthu, sabata ya 52 ingafune makilomita oposa 2,500. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndiye umenewu ndi ulendo wopita ndi kubwera kawiri, n'kutsalanso wina. Ndimakonda kuonetsa anthu nambala imeneyi kuti aone okha kuti lamuloli silinapangidwe kuti lizitsatidwa mosalekeza. Ndi mpanda wokuuzani kuti apa musadumphe. Si lamulo loti sabata iliyonse muzikafika kumpandako.

Ndikuuzeninso zoona za lamuloli, popeza ena amalitenga ngati mankhwala. Mu 2008, ofufuza a ku Groningen m'dziko la Netherlands anafalitsa zimene anapeza atagawa pawiri anthu oposa 500 oyamba kumene kuthamanga. Magulu onse awiri ankakonzekera mtunda wofanana, lina kwa masabata 13 motsatira 10 peresenti, lina kwa masabata 8 mofulumirirapo. M'magulu onse awiri, munthu mmodzi mwa asanu alionse anavulala. Kenako mu 2014, kafukufuku wa ku Denmark pa oyamba kumene oposa 800 anasonyeza kuti amene anawonjezera mtunda ndi zoposa 30 peresenti m'masabata awiri ndiwo ankaoneka kuti akugwidwa kwambiri ndi zovulala zobwera ndi mtunda, monga za bondo ndi msongolo, poyerekeza ndi amene anawonjezera zosafika 10 peresenti. Mmene ine ndimazimvera, 10 peresenti sikutetezani ku chilichonse, koma kudumpha kwakukulu ndiko koopsa, ndipo nambala yosavuta kukumbukirayi imathandiza kuti munthu asadumphe.

Chifukwa chimene ndimaumirira kwambiri pa kusadumpha n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimafulumira. Pakangotha masabata atatu kapena anayi, phiri limene linkakutsamwitsani mpweya mumalikwera mukucheza ndi mnzanu. Minofu imatsatira pambuyo. Koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, ndi mafupa enieniwo, zimatenga miyezi. Fupa likalandira katundu watsopano, thupi limayamba ndi kugumula tizigawo tofooka lisanamange tatsopano tolimba, monga mmene womanga amayambira kukumba khoma long'aluka asanaikepo njerwa zina. Kwa masabata angapo pakati apo, fupa limakhala lofookerapo kuposa kale. Nthawi imeneyi ndi yomweyo imene chifuwa chimakuuzani kuti muli ndi mphamvu zambiri. Anthu ochuluka amene ndawaona akuvulala sanavulale pa sabata yoyamba pamene zinthu zinali zowawa. Anavulala cha m'ma sabata ya 5 mpaka ya 8, pamene kuthamanga kunali kutayamba kukoma.

Tisanalembe ndondomeko yanu, pali funso limodzi limene muyenera kudziyankha moona mtima. Kodi 20 ameneyu ndi wa sabata iliyonse, kapena ndi wa sabata imene zinthu zinayenda bwino? Ndinali ndi mnyamata wina amene anabwera akunena kuti amathamanga makilomita 30 pa sabata, ndipo anali atalemba kale kuti sabata yotsatira achita 33. Nditamupempha kabuku kake, masabata anayi apitawo anali 30, 12, 18 ndi 16. Kuphatikiza zikwana 76, kugawa panayi ndi 19. Miyendo yake inkadziwa 19, osati 30. Iye ankaganiza kuti akuwonjezera 10 peresenti, koma kuchoka pa 19 kupita pa 33 ndi kuwonjezera zoposa 70 peresenti. Sanandimvere, ndipo pasanathe mwezi anali kutsimphina ndi msongolo wakumanja. Inu ndinu mphunzitsi, ndipo ndikudziwa kuti sabata yochonga mayeso kapena yolemba malipoti a ana sifanana ndi sabata ya holide. Tengani masabata anayi apitawa, phatikizani, gawani panayi. Chimene chituluke ndicho poyambira panu. Ngati ndi 16, yambirani pa 16, ndipo nambala zonse zimene nditchule apa muzitsitse moyenerera.

Tinene kuti 20 ndi woona. Ine ndikanakukonzerani motere. Masabata 12 tiwagawa m'zigawo zitatu za masabata anayi anayi. M'zigawo ziwiri zoyamba mukwera masabata atatu, ndipo sabata yachinayi mutsika ndi kota, ndiye kuti 25 peresenti, kuti mafupa ndi mitsempha zipeze mpata wogwirana ndi mtima umene wathamangira patsogolo. Komanso nambala ikatuluka ndi kachidutswa, muzidula kachidutswako, osakweza.

Chigawo choyamba ndi 20, 22, 24, kenako 18. Masamu amati 24.2, ife titenga 24, ndipo kota ya 24 ndi 6, n'chifukwa chake sabata yopumira ndi 18. Chigawo chimenechi chikwana makilomita 84.

Apa pali msampha umene ndaona anthu ambiri akugweramo. Pa sabata ya 5, 10 peresenti muiwerengere pa 24, sabata yomaliza yodzaza, osati pa 18. Mukaiwerengera pa 18 mupeza 19.8, ndiye kuti mwabwerera pansi pa pamene munayambira, ndipo mudzazungulira pamalo amodzi mpaka tsiku la mpikisano. Ena amati popeza anatsika ndi kota, akwerenso ndi kota, koma kota ya 18 ndi 4.5, imene imangokufikitsani pa 22.5, osafika n'komwe pa 24. Peresenti yotsikira ndi yokwerera sizifanana chifukwa zikuwerengedwa pa nambala zosiyana. Mnzanu wa masamu uja akaona 18 kenako 26 adzati mwadumpha ndi 44 peresenti. Papepala n'zoona, koma miyendo yanu inanyamula kale 24 masabata awiri apitawo ndipo yapumula, choncho kwa iyo chatsopano ndi makilomita awiri okha.

Chigawo chachiwiri ndiye 26, 28, 30, kenako 22. Taonani kuti apa kudula tizidutswa kwatibweretsa pa njira yanu ija yowonjezera 2, chifukwa 10 peresenti ya 26 ndi 2.6 ndipo ya 28 ndi 2.8. Njira yanu, ngakhale siinali 10 peresenti yeniyeni, ili pafupi ndi zimene thupi limafuna kuposa ya mnzanu. Chigawochi chikwana 106.

Chigawo chachitatu n'chosiyana chifukwa mpikisano uli mkati mwake. Sabata ya 9 ndi 33, ya 10 ndi 36, ndipo pamenepa ndiye pamwamba penipeni, simukweranso. Sabata ya 11 mutsika pa 27. Sabata ya 12 muthamanga makilomita 10 okha mopepuka, mogawa masiku awiri kapena atatu kumayambiriro kwa sabata, kenako mpikisano wa 21.1, zonse pamodzi 31. Chigawochi chikwana 127. Mukaphatikiza 84, 106 ndi 127 mupeza makilomita 317.

Ndiye muli ndi nambala zitatu: 428 ya mnzanu, 372 yanu, ndi 317 yanga. Yanga ndi yochepa ndi makilomita 111 poyerekeza ndi ya mnzanu, ndipo ambiri mwa makilomita amene ndachotsawo ndi a m'mwezi womaliza uja. Njira yachidule ya masamu singagwire ntchito pa ndondomeko yokwera ndi kutsika ngati iyi. Apa n'kuphatikiza ndi pensulo basi, chigawo ndi chigawo, ndipo ndi bwino choncho chifukwa mumaona sabata iliyonse ndi maso. Ndikuuzeni poyera kuti 36 pa sabata ndi wokwanira kuti mukamalize, mwina n'kuyendako pang'ono pa malo omwera madzi. Si wokwanira kuthamangitsana ndi nthawi. Ngati mpikisano woyambawu ukakukomerani, za nthawi tidzakambirana pa wachiwiri muli ndi miyezi yambiri m'miyendo.

Nambala ya sabata payokha ikhoza kukunamizani, chifukwa siinena mmene makilomitawo agawidwira. Munthu akhoza kusunga 10 peresenti bwinobwino koma n'kuunjika theka lalikulu pa Loweruka limodzi. Wina amene dzana mtunda wake wautali unali 8, akadzuka n'kuthamanga 15 chifukwa anajomba Lachiwiri ndi Lachinayi, nambala ya sabata ioneka yabwino koma miyendo yalandira nkhonya. Choncho tsiku lanu lalitali likhale ndi mzere wakewake, wokwera pafupifupi kilomita imodzi imodzi: 8, 9, 10, ndiye 7 pa sabata yopumira, 11, 12, 13, ndiye 9, kenako 14 ndi theka, 16, ndipo 12 pa sabata ya 11. Mtunda wautaliwu usapitirire theka la sabata yonse. Musade nkhawa kuti 16 ndi wochepa pa 21. Kupuma kwa masabata awiri omaliza ndi khamu la anthu othamanga nanu zimakunyamulani pa makilomita asanu otsalawo, malinga musayambe ndi liwiro la anyamata a kutsogolo.

Masiku atatu adzayamba kuchepa mukafika pa 26. Pamenepo onjezani tsiku lachinayi, koma lalifupi. Sabata ya 5 ikhoza kukhala 5, 6, 4 ndi 11. Sabata ya 10, imene ndi yolemera kwambiri, ikhoza kukhala 6, 8, 6 ndi 16. Tsiku lotsatira mtunda wautali likhale lopuma. Ndipo pafupifupi makilomita onsewa muziwathamanga pa liwiro loti mukhoza kulankhula chiganizo chathunthu osadukiza. Sabata imene mukuwonjezera mtunda musawonjezerenso liwiro kapena mapiri. Chimodzi chokha pa nthawi.

Za mapiri ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa kuno kwathu ndi nkhani yaikulu. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo kilomita ya ku Kanjala si kilomita ya pa bwalo la David Kaunda. Foni idzalemba 5 konsekonse, koma miyendo idzadziwa kusiyana. Anthu amaopa chitunda, koma chimene chimawononga mawondo ndi ntchafu ndi kutsetsereka, makamaka pa tala, chifukwa phazi lililonse limagwa ndi mphamvu yochuluka uku minofu ikugwira mabuleki. Ngati njira yanu ya masiku onse ndi yosalala ndipo mwaganiza zosamukira ku njira ya mapiri, sabata imeneyo musawonjezere mtunda n'komwe. Kusintha njirako ndiko kuwonjezera kwanu. N'chimodzimodzi kuchoka pa msewu wa fumbi kupita pa tala. Pa misewu ikuluikulu monga wa ku Mwami kapena wa ku Lundazi, m'mphepete mwa tala mumakhala mopendekera kuti madzi azitsika, ndipo mukamathamanga mbali imodzimodzi tsiku ndi tsiku mwendo umodzi umakhala mmunsi nthawi zonse. Bondo ndi chiuno zimayamba kudandaula. Funani njira ya dothi lolimba yosalala pamene mungathe. Kumalori ndi njinga za kabaza n'kutalinso.

Chifukwa cha mapiri omwewa, ena ndimawauza kuti aziwerenga maminitsi m'malo mwa makilomita. Ngati kilomita imodzi imakutengerani maminitsi 7, makilomita 20 ndi maminitsi 140, ndipo 10 peresenti yake ndi maminitsi 14. Ubwino wake ndi wakuti tsiku la phiri kapena la kutentha, liwiro likatsika, mtunda umachepa wokha. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri, pamodzi ndi kudzuka m'mamawa dzuwa lisanakwere. Kaya musankha maminitsi kaya makilomita, sankhani chimodzi ndi kukhala nacho masabata onse 12, apo ayi kuphatikiza kwanu sikudzatanthauza kanthu. Ngati mukukayikira foni yanu, kaiyeseni pa bwalo loyezedwa la mamita 400. Mukazungulira ka 10 m'kanjira ka mkati, iyenera kulemba pafupifupi makilomita 4.

Nanga 317 ameneyu ntchito yake n'chiyani? Yoyamba ndi nsapato. Nsapato zothamangira zambiri zimatha mphamvu ya pansi pake pakati pa makilomita 500 ndi 800, ngakhale pamwamba pakuoneka patsopano. Ngati zanu zayenda kale makilomita 400, zidzatha mkati mwa ndondomekoyi, ndiye ndi bwino kupeza zina cha m'ma sabata ya 5 kapena ya 6 ndi kumazisinthanitsa, osati kuvala zachilendo sabata ya mpikisano. Za salaula za pa msika wa Kapata ambirife ndizo timavala, ndipo mumapezeka zabwino, koma simudziwa mtunda umene mwini wake woyamba anayenda. Iikeni patebulo muione chakumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, kapena mphira wofewa wa pakati uli ndi makwinya ozama ndipo sukubwerera mukaudina ndi chala, isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Ntchito yachiwiri ndi kudziyesa pakutha pa chigawo chilichonse. Lembani m'kabuku mizere iwiri, zimene munakonza ndi zimene mwathamangadi. Pakutha pa sabata ya 4 muyenera kukhala pafupi ndi 84, pa ya 8 pafupi ndi 190. Mukapeza kuti chigawo choyamba mwachita 80, pitirirani. Mukapeza 60, ndiye kuti miyendo sinalandire katundu amene chigawo chachiwiri chikudalira, ndipo muyenera kubwereza chigawo choyambacho kapena kuyamba chachiwiri motsikirapo.

Chimene sindifuna kuti 317 asanduke ndi ngongole. Makilomita amene mwaphonya apita, musawabweze. Ndaona anthu akudwala sabata imodzi, kenako n'kuthira makilomita a sabata imeneyo pamwamba pa sabata yotsatira kuti kabuku kakwane. Kumeneko ndiye kudumpha kwa 30 peresenti ndi kupitirira kumene tanena kuja. Mukaphonya sabata imodzi chifukwa cha maliro kapena ntchito, bwererani pa nambala ya sabata yomaliza imene munamaliza bwino, osati yotsatira. Mukaphonya masabata awiri, yambirani cha pa theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo mudzipatse masabata awiri kuti mubwerere pamene munali. Malungo ndi nkhani ina. Thupi likatentha musathamange konse, kayezetseni magazi, malizani mankhwala onse, ndipo muyambe ndi kuyenda ndawala mpaka mphamvu ndi chilakolako cha chakudya zibwerere. Malungo amachepetsa magazi, choncho mukayambiranso mtima udzagunda kwambiri pa liwiro limene kale linali lopepuka. Akakugwirani mkati mwa chigawo chachitatu, ine ndingakulangizeni kusintha n'kuthamanga mtunda waufupi ngati ulipo pa tsikulo, kapena kudikira mpikisano wina.

Pa funso lanu lomaliza, ngati miyendo idzapirira, idzakuuzani yokha, ndipo muyenera kudziwa chilankhulo chake. Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira, miyendo yonse iwiri mofanana, n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu, n'kwachibadwa. Kumene ndimakuopa ndi kwa mbali imodzi, kwa malo amodzi, kumene kumakula mukamathamanga m'malo mochepa. Pa msongolo, yendetsani chala m'mphepete mwa fupa chamkati. Ngati ululu wafalikira kutalika ngati chikhatho, kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti mwawonjezera msanga, ndipo mubwerere pa mtunda wa masabata awiri apitawo, musiye tala ndi zitsetso. Koma ngati mukhoza kuloza ndi nsonga ya chala chimodzi kuti ndi apa, ndipo kudumpha ndi mwendo umenewo wokha kukuwawa kwambiri, kapena pakuwawa ngakhale poyenda ndi usiku muli gone, lekani kuthamanga ndipo pitani kuchipatala. Fupa likhoza kukhala kuti layamba mng'alu. Mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa chithunzi cha ekisire m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino koma ululu ulipobe, musayambirenso, bwererani akakuoneninso. Chidendene chobaya pa mapazi oyamba mukadzuka m'mawa, mtsempha wa kumbuyo kwa kakolo wouma ndi wotupa, kapena bondo lowawa potsika masitepe, zonsezi zikukuuzani kuti muime pa nambala imene muli kapena mutsike. Zikapitirira sabata imodzi ngakhale mwachepetsa, kapena zikukutsimphinitsani, kaonaneni ndi a fiziyo kuchipatala. Ndipo chonde musamwe mapiritsi opha ululu kuti mukwanitse makilomita a m'kabuku. Amatseka pakamwa mlonda amene akukuchenjezani.

Pali zina zimene si za miyendo. Muziwerenga kugunda kwa mtima kwa miniti imodzi mukangodzuka musanatsike pabedi. Mukaona kuti kwa masiku angapo otsatizana kwakwera ndi 10 kapena kuposa pa nambala yanu ya masiku onse, tulo sitikubwera, ndipo ana m'kalasi akukukwiyitsani msanga, sabata yopumira ibwere msanga ngakhale nthawi yake isanakwane. Monga mayi, yang'aniraninso msambo wanu. Ukayamba kudumpha kapena kuleka pamene mtunda ukukwera, ndipo si mimba, kawirikawiri ndiye kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira, ndipo zimenezi zimafooketsa mafupa. Osachepetsa nsima pamene mukuwonjezera makilomita. Nyemba, nsawawa, mazira, kapenta ndi ndiwo zamasamba zizikhalapo, ndipo kutopa kukapitirira kayezetseni kuchuluka kwa magazi. Koma kupweteka pachifuwa, kukomoka kapena chizungulire chachikulu muli pa liwiro, mtima kugunda mosokonekera, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa mtunda wautali, zimenezi si zodikira Lolemba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, onanani ndi adokotala musanayambe chigawo chachiwiri, ndipo muwaonetse pepala la masabata 12 lija kuti aone nambala zenizeni.

Mnzanu wa masamu uja mumupemphe akuthandizeni chinthu chimodzi madzulo ano. Mutenge masabata anayi apitawa, mupeze poyambira penipeni, ndipo ngati si 20, achulukitse nambala zonse za ndondomekoyi ndi poyambira panupo n'kugawa ndi 20. Poyambira pakakhala 16, ndiye kuti chilichonse chichulukitsidwa ndi 0.8: sabata yolemera kwambiri itsika kuchoka pa 36 kufika pa 28 kapena 29, ndipo mtunda wautali ufika cha pa 13. Zikatuluka choncho mundilemberenso, chifukwa pamenepo tifunika kukambirana zosakaniza kuthamanga ndi kuyenda pa tsiku la mpikisano, mwachitsanzo maminitsi 9 othamanga ndi imodzi yoyenda kuyambira pa kilomita yoyamba, ndipo zimenezo muyenera kuziyeserera kuyambira sabata ya 5.